Bajeti ya seva ya 2026: kodi disiki ya 500 GB itifikitsa kumapeto kwa nyengo yogula?

Chikondi: Mwachoma bwanji nonse. Abwana akufuna bajeti ya chaka chamawa ifike patebulo pawo Lachisanu, ndipo andifunsa funso limodzi lokha: seva yathu ipirira mpaka Disembala wa 2026 kapena tigule zina? Kwa amene simudziwa, kampani yathu imagula soya, nshawa ndi mpendadzuwa kwa alimi. Tili ndi madepoti 20 ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Lundazi. Databesi ndi PostgreSQL 14, pano ili pa 180 GB. Disiki ndi SSD imodzi ya 500 GB, memore ndi 16 GB. Ndayeza mwezi wathawu, yakula ndi 2 GB chabe. Ndikachulukitsa ndi miyezi 12 ndikupeza 24 GB, ndiye ndikuona ngati tili ndi malo a zaka zambiri. Ndilembe choncho?

Mabvuto: Lemba, koma uwonjezepo theka lina kuti ukhale ndi pothawira. Chimene ndingakuuze ine n'cha memore. Databesi ya 180 GB pa 16 GB? Iyayi. Lamulo lake n'lakuti databesi yonse izikwana mu memore. Pempha 256 GB, akakana akupatsako 128.

Mwansa: Ngati ikuchedwa sinthani kampani ya intaneti. Ife tinali ndi vuto lomweli ku ofesi, titaika faiba zonse zinatha.

Chikondi: Ba Mwansa, sindinanene za intaneti, ndikufunsa za malo pa disiki.

Mwansa: Oo. Ndimayesa mbewa za kum'mawa zadya waya, inu n'kudya mbewazo. Pitirizani.

A Tembo: Chikondi, usalembe. Mwezi umene wayezawo ndi Okutobala kufika Novembala, sikelo zonse zili m'sitolo. Zili ngati kuyeza madzi a Luangwa mu Okutobala n'kumanga ulalo potengera muyezo umenewo. Databesi ya kampani yogula mbewu siikula mofanana mwezi ndi mwezi. Imagona theka la chaka, kenako kuyambira Meyi mpaka Sepitembala imameza zonse nthawi imodzi. Usawerenge ndi miyezi, werenga ndi malisiti. Tiyambe taona chimene chikudya malo. Thamangitsa ichi utiuze.

```
SELECT relname, pg_size_pretty(pg_total_relation_size(relid))
FROM pg_statio_user_tables
ORDER BY pg_total_relation_size(relid) DESC LIMIT 5;
```

Nambala imene ituluke ikuphatikiza tebulo, maindekisi ake, ndi zinthu zikuluzikulu zimene PostgreSQL imaika pambali, choncho ndi kukula kwenikweni.

Chikondi: Zatuluka. `receipt_photos` 130 GB, `audit_log` 28 GB, `purchases` 9 GB, `payments` 5 GB. Zotsalazo zonse pamodzi ndi 8 GB.

A Tembo: Wayiona nkhani? Pa 180, 130 ndi zithunzi. Zinayamba liti, ndipo zilipo zingati?

Chikondi: Zinayamba mu 2024. Ejenti akalemba lisiti amalijambula ndi foni, chithunzicho chimalowa mu databesi. Mu 2024 malisiti anali 250,000, chaka chino 400,000. Chithunzi chimodzi chimakhala pafupifupi 200 KB.

Mabvuto: Ndiye zaphweka. Kuchoka pa 250,000 kufika pa 400,000 ndi kukwera kwa 60 peresenti. Ika 60 ina, upeza 640,000.

Amai Daka: A Mabvuto, 2024 mwaiiwala? Ndi chaka chimene boma linalengeza mu Febuluwale kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse. Alimi analibe chogulitsa. Kukwerako si kukula kwa kampani, ndi mvula imene inabwerera. Simungajambule mzere kuchokera pa chaka cha njala.

A Tembo: Amai Daka anena zoona. Nambala ya chaka chamawa siili mu seva, ili kwa anthu a malonda. Chikondi, pita ukawafunse kuti atsegula madepoti angati.

Chikondi: Ndabwerako. Akuti 30. Akuwonjezera Petauke, Sinda ndi mbali ya Vubwi.

A Tembo: Chabwino. Chaka chino depoti imodzi yalemba malisiti 20,000 tikagawa mofanana. Madepoti 30 ndi malisiti 600,000. Yayandikana ndi nambala ya a Mabvuto, koma iyi ungathe kuifotokoza abwana akakufunsa kumene yachokera. Zithunzi 600,000 za 200 KB ndi 120 GB. Tsopano zimene si zithunzi, zakula bwanji chaka chino? Ngati sunali kulemba kukula kwa matebulo, werenga mizera ya chaka chino n'kuyerekeza ndi yonse.

Chikondi: Pafupifupi 20 GB, ndipo zambiri zili mu `audit_log`. Foni iliyonse ikatumiza, pulogalamu imalemba uthenga wonse mmenemo.

A Tembo: Ndiye lisiti limodzi limabwera ndi 50 KB ina pamwamba pa chithunzi. Limenelo ndi tebulo lofunika kulikambirana tsiku lina, chifukwa lanenepa kuposa ntchito yake. Pakali pano tingoti lisiti lililonse limadya 250 KB. Malisiti 600,000 ndi 150 GB. Kuphatikiza ndi 180 ya lero, nyengo yogula ikamatha udzakhala pa 330 GB, osati 204 imene unafuna kulemba.

Chikondi: Komabe 330 ndi yochepa pa 500.

A Tembo: Ndionetse `df -h` ya disikiyo.

Chikondi:

```
Size  Used Avail Use%
466G  355G   88G  81%
```

Amai Daka: Mayo ine. Databesi ndi 180, nanga 355 yachokera kuti?

Chikondi: Bakapu. `pg_dump` imayamba 23 koloko, imalemba pa disiki yomweyo, m'mawa ndimaikopera ku disiki yakunja. Fayilo yake ndi 150 GB. Ya dzulo imafufutidwa yatsopano isanayambe. Yotsala 25 GB ndi ya Ubuntu, malogi ndi pulogalamu.

Mabvuto: Bakapu 150 pa databesi ya 180? Sukuifinya? Yanga imatsika kufika gawo limodzi mwa magawo khumi.

A Tembo: Yanu ndi manambala ndi mawu, a Mabvuto, zimenezo zimafinyika, ndiponso bakapu yotere sitenga zamkati mwa maindekisi, imangolemba lamulo lowamangira. Koma chithunzi cha JPEG ndi chofinyidwa kale, sichitsika. Ndiye pa seva ya Chikondi lisiti lililonse limalipira malo kawiri: 250 KB mu databesi, ndi ina pafupifupi 220 KB mu bakapu. Pamodzi 470 KB. Malo otsala ndi 88 GB. Gawa, upeza kuti disiki idzadzaza pa lisiti la 187,000 kapena pafupi pamenepo. Pa malisiti 600,000 limenelo silifika n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu. Chikondi, chaka chino munafika liti pa gawo limenelo?

Chikondi: Sabata yomaliza ya Juni.

A Tembo: Basi, tsiku lako ndi limenelo. Alimi ali pamzere ndi matumba a soya, databesi yakana kulemba. Chiganizo choyamba cha bajeti yako chikhale chimenecho.

Chikondi: Funso lina laling'ono. 466 kuchotsa 355 ndi 111, koma pakulembedwa 88. Ina 23 yapita kuti?

A Tembo: Ngati ndi `ext4`, imasungira `root` 5 peresenti ya disiki. PostgreSQL siingaigwiritse ntchito. Ndipo 500 ya pa bokosi imaoneka 466 chifukwa ogulitsa amawerenga ndi 1000, makina ndi 1024. Uziwerengera pa `Avail`, osati pa zolembedwa pa bokosi.

Amai Daka: Ndilowereko ndi zimene zinatichitikira ife ku Katete, pa kabungwe kathu kosunga ndi kubwereketsa ndalama. Databesi yathu ndi yaing'ono, siinafike n'komwe 40 GB, disiki inali ndi malo ambiri. Tili ndi seva yachiwiri ku nthambi ina imene imakopera zonse. Mu 2024 malaiti atavuta, jenereta ya ku nthambiyo inafa, seva yachiwiri inakhala yozima masabata angapo. Seva yaikulu inayamba kusunga mafayilo onse a `pg_wal` kudikira mnzake adzuke. Kafayilo kamodzi ndi 16 MB, koma tinali kuchulukana usana ndi usiku. Tsiku lina lamalipiro databesi inangoima, disiki ili pa 100 peresenti, pamene matebulo sanakule ngakhale pang'ono. Ndiye powerenga musayang'ane matebulo okha.

Chikondi: Munachita bwanji? Munangofufuta?

Amai Daka: Ayi, mu `pg_wal` sufufuta ndi manja, ungaononge databesi yonse. Tinachotsa zinthu zina pa disiki kuti idzuke, kenako tinachotsa `replication slot` imene inali kusungitsa mafayilowo kudikira seva yachiwiri, malo anabwerera okha. Seva yachiwiriyo tinaimanganso kuyambira pachiyambi. Pano tinaika malire ndi `max_slot_wal_keep_size`, imene inabwera ndi PostgreSQL 13.

A Tembo: N'chifukwa chake ine sindilola disiki ya databesi kupyola 70 peresenti pa mapulani. Malo otsalawo ali ndi eni ake. Mwachitsanzo tsiku limene udzafufute mizera yakale ya `audit_log`, fayilo siidzachepa yokha. Ukafuna malowo abwerere ku disiki udzathamangitsa `VACUUM FULL`, imene imalemba tebulo latsopano pambali lakale lisanachotsedwe. Pa disiki yodzaza, mankhwala omwewo sangalowe.

Mabvuto: Ine ndimafika 85 popanda vuto. 70 ndi kutaya ndalama.

A Tembo: Inu ogulitsa ali pafupi, mukaitanitsa lero mawa yafika. Kuno kotesheni, siginecha ziwiri, kenako kudikira katundu ayende makilomita opitirira 500 pa Great East Road, ndipo mwina ku Lusaka komweko kulibe. Databesi yodya 30 kapena 40 GB pa mwezi singadikire zimenezo.

Chikondi: Za malo ndamva. Nanga liwiro la disiki? Madepoti akachuluka, SSD imodzi ikwanitsa kulemba?

A Tembo: Apanso usagawe malisiti ndi masiku a chaka. Funa ola limene linali loipitsitsa. Kodi muli ndi danga losonyeza nthawi imene lisiti lafika pa seva, osati imene linalembedwa ku depoti?

```
SELECT date_trunc('hour', received_at), count(*)
FROM purchases GROUP BY 1 ORDER BY 2 DESC LIMIT 5;
```

Chikondi: Lalikulu ndi 3,100 pa ola limodzi, mu Julaye, 18 koloko. Onse asanu ali pakati pa 17 ndi 19 koloko. N'zomveka, chifukwa kumadepoti ambiri netiweki kulibe. Maejenti amalemba tsiku lonse, madzulo akafika pamsewu kapena akakwera pachulu mafoni onse amatumiza nthawi imodzi.

A Tembo: Onjezera theka chifukwa cha madepoti atsopano, ndi 4,650 pa ola. Pa sekondi ndi lisiti limodzi ndi kachidutswa. Chithunzi chimalembedwa kawiri, poyamba mu `pg_wal` kenako mu tebulo, ndiye tinene theka la megabaiti pa sekondi. SSD ya SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi. Ngakhale netiweki itasowa masiku awiri zonse n'kubwera pamodzi kuchulukitsa kakhumi, disiki siidzamva kanthu. Apa palibe chogula.

Mwansa: Ndiye bwanji osagula disiki wamba yozungulira ya 4 TB? Ndi yotchipa kwambiri, malo mbwee.

A Tembo: Ya bakapu inde. Ya databesi ayi. Vuto la disiki yozungulira si mamegabaiti pa sekondi, ndi kudumpha. Mutu wake umakwanitsa kupita malo osiyanasiyana cha m'ma 100 pa sekondi, pamene SSD imachita zikwi zambiri. Lisiti limodzi limakhudza matebulo angapo ndi maindekisi awo, aliyense pa malo ake, ndipo kalaliki akafufuza mbiri ya mlimi ndi kudumpha kokhakokha. Koma Chikondi, katundu wolemera pa disiki yako si maejenti. Bakapu imatenga maola angati?

Chikondi: Anayi. Imayamba 23, imatha cha m'ma 3 koloko.

A Tembo: Pa 180 GB maola anayi. Pa 330 GB ndi maola asanu ndi awiri ndi mphindi 20, ndiye idzatha 6 koloko itapitirira. Malipiro a alimi mumatumiza nthawi yanji?

Chikondi: 6 koloko, kuti ndalama zilowe m'mafoni mwawo asananyamuke.

A Tembo: Zidzakumana pakhomo. Ndipo tangoganiza mbali inayo: disiki itafa mu Julaye, kubwezera 330 GB kudzatenga nthawi yaitali bwanji, poti pamenepo maindekisi onse amamangidwanso? Yesa pa makina ena, ulembe maola ake mu bajeti. Abwana amamva msanga mawu akuti tsiku lathunthu osagula kusiyana ndi magigabaiti.

Mabvuto: Kuona ngati disiki yatopa n'kosavuta. `iostat -x 60`, uyang'ane `%util`. Ikafika 100 yatha.

A Tembo: Lamulolo ndi lomwelo, koma danga ndi lina. Pa disiki yozungulira `%util` inali kunena zoona. SSD imagwira ntchito zambiri nthawi imodzi, ingathe kuonetsa 100 ikadali ndi mphamvu. Yang'ana `r_await` ndi `w_await`, nthawi imene pempho limadikira. Pa SSD yabwino ndi milisekondi imodzi kapena ziwiri. Ukaona 20 kapena 30 kwa mphindi zambiri, pali mzere. Vuto n'lakuti lero ndi Novembala, ukayeza upeza seva ikuwodzera. Ika `sysstat` izisunga mbiri, n'kuonjezera masiku osunga, kuti chaka chamawa udzakhale ndi Julaye woyang'anapo.

Chikondi: Tibwerere ku memore ya a Mabvuto. 256 GB abwana akaiona andithamangitsa.

Mabvuto: Ine ndanena zimene ndinaona zikugwira ntchito. Titaonjezera memore malipoti athu anayamba kuuluka.

A Tembo: Sindikukana, memore imathandiza. Koma chofunika kukwanamo si databesi yonse, ndi zimene zimagwiridwa tsiku ndi tsiku. Chithunzi cha lisiti la 2024 amachitsegula ndani? Mwina pakabuka mkangano ndi mlimi, kamodzi. Zotentha ndi mndandanda wa alimi, zogula ndi malipiro a nyengo ino, ndi maindekisi ake. Pa manambala ako, `purchases`, `payments` ndi timatebulo tina ndi 22 GB za zaka zonse. Za nyengo imodzi pamodzi ndi maindekisi ndingaziike pa 8 GB, chaka chamawa 12. Kumeneku ndi kuyerekeza kwanga, ungakutsimikize ndi `pg_buffercache` nyengo ikayamba. Pa 16 GB yakoyo, pulogalamu imatengapo zingati? Ndipo `SHOW shared_buffers;` ikuti chiyani?

Chikondi: Pulogalamu ili pa seva yomweyo, imatenga 5 GB. Inayo ikuti `128MB`.

Amai Daka: Ndi mmene imabwerera poiika. Palibe anaikhudza.

A Tembo: Poyambira pabwino ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a memore, ndiye lero 4 GB. Kusinthako kumafuna kuidzutsanso databesi, chita madzulo. Yotsala siitayika, Linux imaigwiritsa ntchito kusunga masamba a disiki. Tsopano werenga: 16 kuchotsa 5 ya pulogalamu, kuchotsa ina 2 ya makina ndi malumikizidwe, yatsala 9. Chaka chino 8 inali kukwana movutikira. Chaka chamawa 12 siidzakwana, ndipo zikatero seva siichedwa pang'onopang'ono, imagwa mwadzidzidzi, chifukwa zimene inali kupeza mu memore iyamba kukazitenga ku disiki. Pempha 32 GB. Yang'ana kaye ngati bolodi ili ndi mipata.

Chikondi: Pali china chimene mwandikumbutsa. M'mawa uliwonse makalaliki amadandaula kuti kwa theka la ola loyamba zonse zimakwawa, kenako zimathamanga.

A Tembo: Ndikuikayikira bakapu yomweyo. Usiku imawerenga zithunzi zonse 130 GB n'kulemba fayilo ya 150 GB, zonsezo zimadutsa mu memore n'kukankhira kunja zotentha zija. M'mawa seva imayamba kutola chimodzichimodzi. Usiku umodzi yesa kusiya zithunzi uone ngati madandaulo achepa:

```
pg_dump -Fc --exclude-table-data=receipt_photos dbname > /backup/db.dump
```

Koma usachite zimenezi usanatsimikize kuti kopi yathunthu ili pa disiki yakunja.

Mabvuto: Ndipo ukweze `work_mem` ifike `256MB`, malipoti azisanjidwa mu memore.

A Tembo: Osati kwa onse. Nambala imeneyo ndi ya kusanja kumodzi pa lumikizo limodzi, ndipo funso limodzi lingaitenge kangapo. Malumikizo 60 pa `256MB` ndi 15 GB, Linux idzapha databesi pakati pa ntchito. Ipatse munthu wa malipoti yekha.

Amai Daka: Ine ndikuona kuti tikuzungulira chinthu chimodzi. Zithunzi zichoke mu databesi. Zikhale mafayilo, mu tebulo mutsale dzina la fayilo. Databesi itsika kufika 50 GB, chaka chamawa 80, bakapu mphindi zochepa. Chithunzi sichisintha, ndiye usiku uliwonse mumangokopera zatsopano.

Chikondi: Amene anatilembera pulogalamu anachoka, ndipo amene alipo akuti sangalonjeze kuti amaliza Meyi asanafike.

A Tembo: Ndikugwirizana ndi Amai Daka kuti ndi kumene muyenera kupita, ngakhale kuli ndi mtengo wake: mudzakhala ndi zinthu ziwiri zosunga, ndipo tsiku lina mudzapeza mzere wopanda chithunzi kapena chithunzi chopanda mzere. Koma bajeti usaimange pa ntchito imene palibe walonjeza. Werengera ngati zithunzi zikhalabe. Bakapu ikachoka pa disikiyo, 330 ndi 25 ndi 355 GB, ndipo `df` idzakuonetsanso 81 peresenti yomwe ija. Mvula ikagwa bwino malisiti n'kufika 800,000, uli pa 405. Ndiye ine ndingalembe ma SSD awiri a 1 TB oyang'anizana pa RAID 1, poti pano disiki imodzi ikafa zonse zaima, disiki ina yayikulu ya bakapu, ndi memore 32 GB. Pa 1 TB udzadutsa 2026 ndi 2027 yomwe.

Mwansa: Kapena ponyani zonse pa kilaudi muiwale. Malo akachepa mumangodina.

Amai Daka: Kudinako kuli ndi bilu ya madola mwezi uliwonse, ndipo bajeti ya Chikondi ndi ya makwacha. Faiba ikaduka makalaliki a mu ofesi amakhala manja lende.

Mwansa: Nanga dizilo wa jenereta ndi waulere? Ndipo faiba ikaduka maejenti anu safikanso pa seva ya mu ofesiyo. Werengani zonse ziwiri musanakane.

Mabvuto: Pamenepo Ba Mwansa ali ndi mfundo. Zithunzi zokha bwenzi zili pa kilaudi, databesi pansi pano.

A Tembo: N'zotheka, koma sizichotsa masamu amene tachitawa. Pa kilaudi udzafunikabe kunena kukula kwa disiki, liwiro lake ndi memore, ndipo ukalakwitsa umalipira mwezi uliwonse.

Chikondi: Ndilemba njira ziwiri, ya kugula ndi ya kilaudi, abwana asankhe. Ndafunsanso a maakaunti kuti zithunzi za malisiti tiyenera kuzisunga zaka zingati, akuti andiyankha akafunsa owerengera mabuku. A Tembo, ndatsegula seva: mipata ya memore ilipo inayi, iwiri ili ndi 8 GB iliyonse. Ndionjezere ziwiri za 8, kapena ndigule ziwiri za 16 zakalezo ndichotse?

A Tembo: Tumiza zimene `sudo dmidecode -t memory` ikuonetsa, tione mtundu wake kaye. Ngati ndi ECC, za m'mashopu a m'tauni mwina sizigwirizana nazo.